Zilembo ziwiri za pa bibu: ndani amaloledwa kuponda pati pa bwalo la ntchemberembaye

Amene anazolowera mpira wamiyendo akakhala pansi kuonera ntchemberembaye koyamba, chimene chimawasokoneza msanga ndi wenzulo. Mtsikana wagwira mpira bwinobwino, palibe amene wamukankha, sanayende nawo, koma woyimbira waimitsa masewero n'kupereka mpira kwa timu inayo. Pena mpira ukugubuduka pafupi ndi wosewera, iye angouyang'ana ngati wamangidwa miyendo, anthu kunja akukuwa kuti "Tatola iwe!" Kawirikawiri yankho la zonsezi lili pa bibu, kansalu ka zilembo ziwiri kamene wavala pachifuwa ndi kumsana. Zilembozo zimanena malo amene phazi lake liloledwa kuponda, ndipo woyimbira amaziwerenga nthawi zonse.

Bwalo ndi mizere yake

Bwalo la mpira wamanja ndi lotalika mamita 30.5, m'lifupi mwake mamita 15.25. Mizere iwiri yopingasa imalidula m'zigawo zitatu zofanana, chilichonse chopitirira pang'ono mamita 10. Chapakati chili ndi kamkombero kakang'ono, kotambalala masentimita 90, pamene masewero amayambira. Zigawo ziwiri zakumapeto chilichonse chili ndi mtengo wa chigoli, wotalika mamita 3.05, ndipo kutsogolo kwa mtengowo kuli theka la mkombero limene osewera amangoti seko. Kuchokera patsinde pa mtengo kufika pamzere wa seko ndi mamita 4.9.

Choncho ngakhale timati zigawo zitatu, malo enieni amene woyimbira amalondera ndi asanu: chigawo chapakati, zigawo ziwiri zakumapeto, ndi maseko awiri. Kwa timu iliyonse, chigawo chimene ikumwetserako zigoli tichitcha chomwetsera, chinacho chotchingira. Matimu amasinthana mbali pakatha kota iliyonse ya mphindi 15, kotero chigawo chimene chinali chako m'kota yoyamba n'choletsedwa kwa iwe m'kota yachiwiri ngati bibu yako ndi yakumapeto. Ana ongoyamba kumene amalakwitsa apa pomwe: wenzulo ya kota yachiwiri ikalira, wina amathamangira ku mtengo umene wangochokako.

Mabibu asanu ndi awiri

Timu imalowetsa osewera asanu ndi awiri, aliyense ndi bibu yake. Malamulo amafuna kuti zilembozo zioneke kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti woyimbira asachite kufunsa. Bibu ili ngati chikwangwani cha pa minibasi: yolembedwa Ndirande siyembekezeka kupezeka ikukweza anthu ku Bangwe.

Tiyambe ndi awiri akumapeto, amene malo awo ndi ochepa kwambiri. GS, golo shuta, amakhala m'chigawo chomwetsera chokha, kuphatikizapo seko. Sangadutse mzere wopingasa ngakhale mpira utakhala pamphuno pake. GK, golo kipa, ndi chimodzimodzi kumbali yotchingira: chigawo chimodzi ndi seko yake. Awiriwa ndiwo amalimbana, GS wa timu ino ndi GK wa timu inayo, ola lonse ali phewa ndi phewa pansi pa mtengo. Mwai Kumwenda ndi Joyce Mvula atchuka kunja atavala GS, pamene Towera Vinkhumbo ambiri amamudziwa ali pa GK kapena GD.

GA, golo ataki, amaloledwa malo onse a GS n'kuwonjezerapo chigawo chapakati. Ndiye kuti amathandiza kubweretsa mpira kuchokera pakati, kenaka n'kulowa m'seko kukamwetsa. GS ndi GA okha ndiwo amaloledwa kuponyera mpira m'chigoli, ndipo ayenera kutero ali m'kati mwa seko. Amene amalondera GA ndi GD, golo difensi, yemwe ali ndi chigawo chotchingira, seko yake, ndi chigawo chapakati.

Kenaka pali mawing'i awiri. WA, wing'i ataki, amayenda m'chigawo chapakati ndi chomwetsera, koma m'seko salowa. WD, wing'i difensi, amayenda m'chigawo chapakati ndi chotchingira, nayenso m'seko salowa. Dzina la wing'i limasocheretsa anthu a mpira wamiyendo, amene amaganiza kuti osewerawa ayenera kukhala m'mphepete mwa bwalo. Palibe lamulo lotero. Kupatula maseko, malire a ntchemberembaye amadula bwalo mopingasa basi; kumanzere ndi kumanja aliyense amapita momwe afunira.

Womaliza ndi senta, wa chilembo chimodzi chokha, C. Iyeyu amayenda m'zigawo zonse zitatu koma maseko onse awiri ndi oletsedwa kwa iye. Ndiye amathamanga kwambiri kuposa onse, ndipo amene anaonerapo Takondwa Lwazi ali pa bibu imeneyi akudziwa kuti kutalika msinkhu si kumene kumafunika pamenepa. Bibu ya C yokha ndi imene singakhale yopanda mwini. Timu ingathe kusewera ndi anthu asanu ikaperewera, koma mmodzi mwa iwo ayenera kukhala senta.

Mukawerengetsa bwino mupeza kuti m'seko simungapezeke anthu oposa anayi: GS ndi GA, GK ndi GD. M'chigawo chakumapeto angakhalemo asanu ndi atatu, chifukwa mawing'i awiri ndi masenta awiri amafikamo. M'chigawo chapakati angadzazanemo khumi, onse kupatula ma GS ndi ma GK. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amaloledwa malo onse asanu. Onjezerani pamenepa lamulo loti wosewera sayenda ndi mpira, ndiponso ayenera kuuponya masekondi atatu asanathe, muona kuti mpira sungachoke kumapeto kuno kufika uko popanda kudutsa m'manja angapo. Zili ngati anthu opatsirana njerwa kuchokera pa uvuni kufika pa maziko, aliyense ataima pamalo pake. Timu ikhoza kukhala ndi shuta wosaphonya, koma ngati WA ndi C sakumufikitsira mpira, adzangoima pansi pa mtengo manja ali m'chiuno.

Malire amenewa anachokera kuti

Masewerowa ndi mphukira ya basiketibo, imene James Naismith anayambitsa ku America m'chaka cha 1891. Aphunzitsi a m'masukulu a atsikana anaitenga msanga, koma anaisintha kuti igwirizane ndi maganizo a nthawi imeneyo akuti akazi asamathamange kwambiri kapena kugundana. Senda Berenson wa pa Smith College anagawa bwalo patatu n'kuuza osewera kuti aliyense akhale m'chigawo chake. Palinso nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ya Clara Baer, mphunzitsi wa ku New Orleans. Akuti pa chithunzi cha bwalo chimene analandira kuchokera kwa Naismith panali mizere yongosonyeza malo amene osewera angachite bwino kulondera, iye n'kuiwerenga ngati malire osadumphika. Malamulo ake anatuluka mu 1895.

Ku England masewerowa anakulira pa koleji ya Martina Bergman-Österberg yophunzitsa aphunzitsi a masewero olimbitsa thupi, ndipo malamulo oyamba olembedwa anatuluka mu 1901. Kuchoka apo anafalikira m'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain, kudzera m'masukulu. Kwa zaka zambiri dziko lililonse linkasewera mwa njira yake. Ku New Zealand ankalowetsa osewera asanu ndi anayi. Mu 1960 maiko anagwirizana malamulo amodzi, a osewera asanu ndi awiri, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Eastbourne mu 1963.

Chodabwitsa n'chakuti malire amene anaikidwa kuti atsikana asatope ndi omwewo amene lero amapangitsa masewerowa kukhala a liwiro. Poti munthu sangathawe ndi mpira, ayenera kuthawa wopanda mpira, pa kamalo kochepa, mdani ali pambuyo.

Ofusayidi ya ntchemberembaye

Mawu ndi omwewo a mu mpira wamiyendo koma tanthauzo ndi lina. Kuno ofusayidi sikhudzana ndi pamene otchinga aima. Ndi kungoponda malo amene bibu yako sikuloleza, kaya uli ndi mpira kaya ulibe. WD akhoza kukhala kutali ndi mpira, koma phazi lake likalowa m'seko walakwa.

Chimene woyimbira amayang'ana ndi kukhudza pansi. Mpweya wa pamwamba pa malo oletsedwa ndi wa aliyense. WA ataima kunja kwa seko angathe kutambasula manja n'kutola mpira umene uli m'kati mwake. Angathenso kutsamira pa mpira umene uli pansi m'sekomo kuti asagwe, bola thupi lake lisakhudze pansipo. Koma akadumpha kuwakha mpira n'kutera m'kati, wenzulo ilira. Mzere weniweniwo umawerengedwa kuti ndi wa mbali zonse ziwiri, kotero kuponda pamzere si mlandu. Mlandu ndi pamene chala chadutsa mzere n'kukhudza tsidya lina. N'chifukwa chake muona senta ndi WA akuzungulira m'mphepete mwa seko zala zili pamzere penipeni, thupi litaweramira m'kati, akufuna pomupatsira shuta.

Chilango chake ndi mpira waulere kwa timu inayo, pamalo pamene cholakwacho chachitikira. Apanso bibu imalowererapo: woponya mpira waulerewo ayenera kukhala wololedwa pamalopo. Ndiponso mpira waulere suponyedwa m'chigoli ngakhale utaperekedwa m'seko. Umene shuta angaponyere m'chigoli mwachindunji ndi wa penate, umene umaperekedwa wina akagunda mnzake kapena akamutchinga ali pafupi kuposa masentimita 90. Ndiye WD akalowa m'seko, GA amatenga mpira pamenepo koma ayenera kupatsira mnzake kaye. Nthawi zina woyimbira amangolengeza cholakwacho osaimitsa masewero, akaona kuti kuimitsa kupweteka timu yosalakwayo.

Pa mabwalo a sukulu za kumudzi, kumene mizere imathiridwa ndi phulusa kapena laimu, nkhani ya chala ndi mzereyi imavuta. Pofika kota yachitatu mzere wa seko wafufutika ndi mapazi, ndipo mkangano ukabuka aphunzitsi awiri amaima pamenepo akulozerana pansi pamene palibe chooneka. Ndinaonapo mphunzitsi wina akuimitsa masewero, kutuma mwana kukatapa phulusa kukhitchini ya phala, n'kujambulanso seko yonse ndi chingwe chomangirira patsinde pa mtengo. Tinamuseka, koma anachita bwino, chifukwa popanda mzerewo theka la malamulo lapita.

Titsatire mpira umodzi

Tinene kuti ofiira akusewera ndi obiriwira, ndipo senta pasi, mpira woyambira masewero pakati pa bwalo, ndi ya ofiira. Matimu amalandizana senta pasi chigoli chilichonse chikalowa, posatengera amene wamwetsa. Senta wofiira waima m'kamkombero kapakati ndi mpira. Senta wobiriwira ndi yekhayo amene aloledwa kukhala naye m'chigawo chapakati nthawi imeneyi. Ena onse, ngakhale amene bibu zawo zimalola chigawo chapakati, ayenera kudikira m'zigawo zakumapeto. Kumbali imene ofiira akumwetsera, GA ndi WA ofiira aima pamzere wopingasa, GD ndi WD obiriwira atawamatirira. Kumbali inayo kuli GD ndi WD ofiira ndi adani awo.

Wenzulo yalira. WA wofiira akanadutsa mzere isanalire, mpira ukanapita kwa obiriwira pomwepo. Wadikira, ndipo tsopano wathamangira pakati. Senta ali ndi masekondi atatu, ndipo mpira woyambawu uyenera kugwiridwa kapena kukhudzidwa m'chigawo chapakati. GS angakhale ali yekhayekha pansi pa mtengo, manja m'mwamba, koma senta sangamuponyere. Ngati GA ndi WA atsekeredwa, senta amatembenuka n'kupatsira WD kapena GD wake amene akubwera kumbuyo. Owonerera ena amadandaula kuti akubweza mpira chifukwa chiyani, koma imeneyi ndi njira yodziwika yopulumutsira senta pasi.

WA wawakha mpira ali m'mwamba, pafupi ndi mzere. Phazi loyamba latera m'chigawo chapakati, lachiwiri m'chomwetsera. Palibe cholakwa, chifukwa phazi loyamba kutera ndilo limanena chigawo chimene mpira wagwiridwira. Likanayamba kutera ndi la m'chigawo chomwetsera, woyimbira akanati senta pasi sinagwiridwe pakati. Tsopano GA wadutsa kulowa m'chigawo chomwetsera, walandira, wabwezera kwa senta amene wafika m'mphepete mwa seko. M'sekomo GS watsekereza GK kumbuyo kwake. Senta waponya mokweza, GS wawakha, koma chidendene chake chatsetserekera kunja kwa mzere wa seko. Iyi si ofusayidi, poti chigawo chonsecho ndi chake. Koma sangaponye m'chigoli ali choncho. Ayenera kupatsira GA, kapena kubwezera kunja n'kulowanso bwino.

Wapatsira GA, GA waponya, mpira wagunda chitsulo n'kutuluka kunja kumbuyo kwa mtengo. Tsopano ndi wa obiriwira, ndipo GK wawo waima kunja kwa mzere kuti auponye. Akuona WA wake ali yekha m'chigawo chapakati, ndipo mkono ali nawo. Akamuponyera, wenzulo ilira. Lamulo limati mpira uyenera kugwiridwa kapena kukhudzidwa m'chigawo chilichonse, ndipo mpira wochokera kunja kwa mzere wakumapeto ukafika pakati osakhudzidwa ndiye kuti walumpha chigawo chathunthu. Chimodzimodzi GD ali m'chigawo chotchingira sangaponyere GA amene ali m'chomwetsera. Kukhudza kwa mdani kumawerengedwanso: chala cha wofiira chikangoupalasa mpirawo uli m'chigawocho, mlandu watha.

Mwa zonsezi, chimene oyamba kumene amachedwa kuchimvetsa ndi kusiyana kwa milandu iwiriyi. Ofusayidi ndi ya munthu amene waponda posayenera. Kulumpha chigawo ndi kwa mpira umene wadutsa osakhudzidwa. Anthu onse akhoza kukhala pamalo awo oyenera koma mpira n'kulakwa.

Kusintha bibu

Wosewera sanabadwe ndi bibu. Mphunzitsi angathe kusuntha GA kupita pa GS, kapena WD kupita pa C, pa nthawi yopuma pakati pa makota kapena wina akavulala. Malamulo a World Netball amene anayamba kugwira ntchito mu 2024 anawonjezera mwayi woti timu ipemphe kusintha osewera chigoli chikangolowa. Chimene sichiloledwa ndi kusinthana malo mwakachetechete mpira uli m'kati. N'chifukwa chake mabibu a matimu akuluakulu ndi omata, ongomatula n'kumatanso. Ndipo matimu awiri akabwera ndi mayunifolomu ofanana mtundu, mabibu a mtundu wina ndiwo amathandiza woyimbira kuwasiyanitsa.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la zigoli za mapointi awiri. Ligi yaikulu ya ku Australia inayamba mu 2020 kupereka mapointi awiri kwa woponya ali chakumphepete kwa seko m'mphindi zisanu zomaliza za kota, ndipo ligi ya ku England inatsatira mu 2025. Malire a mabibu sanasinthe, koma ntchito ya m'seko yasintha: GK amene anazolowera kulondera pansi pa mtengo ayenera kutuluka, ndipo shuta wamtali woima malo amodzi sakwanira yekha. Okonda lamuloli amati timu yotsalira imakhala ndi mwayi wobweza, ndipo owonerera sachoka msanga. Otsutsa amati masewero a pakati pa maiko akadali a pointi imodzi, ndiye osewera akuzolowera zinthu ziwiri zosiyana. Ngati lamuloli lidzafike pa mpikisano wa dziko lonse, nkhaniyo sinathe.

Lachiwiri ndi la mawing'i. Mu Fast5, mtundu wachidule wa masewerowa umene Malawi inatenga malo achitatu mu 2016 ku Melbourne, muli mabibu asanu okha: WA ndi WD mulibe. Ena amaona kuti bwalo limapepuka ndipo mpira umathamanga. Ena amati ukachotsa mawing'i wachotsa luso lenileni la masewerowa, lomwe ndi kupeza mpata pamene anthu adzazana. WD makamaka ndi bibu imene ntchito yake sioneka pa chiwerengero, chifukwa akasewera bwino zimangooneka kuti WA wa adani sakulandira mpira.

Lachitatu lili pafupi ndi kwathu. Mtsikana wamtali akangofika pa timu ya sukulu, amapatsidwa GS kapena GK tsiku lomwelo, ndipo ena amamaliza sukulu asanapondepo chigawo chapakati. Aphunzitsi ena amati ndi bwino mwana adziwe malo amodzi mozama, makamaka pamene nthawi yokonzekera ndi yochepa ndipo mpikisano wa zoni uli pafupi. Ena amati ana azisinthasintha mabibu mpaka atakula, chifukwa amene ali wamtali pa zaka 12 akhoza kudzakhala wapakatikati pa zaka 18, ndipo pamenepo adzafunika miyendo ya WA imene sanaiphunzire. Kodi mwana ayambe kukhazikika pa bibu imodzi ali ndi zaka zingati? Aphunzitsi a masewerowa sanagwirizanebe chimodzi.